Fomu ya ledi itapita ku Chinyanja n'kubwerako

Aliyense wokulira mu Kabwe adziwa kuti fumbi la kuno si fumbi wamba. Mgodi wa Broken Hill, umene dzina lake linalinso dzina la tauni ino kufikira mu 1966, unatsekedwa mu 1994, koma ledi amene unasiya akali m'dothi la ku Kasanda, ku Makululu, ku Chowa ndi m'makomboni ena oyandikana ndi chimulu cha zotsala za mgodi. Ana amasewera m'dothilo, amaika zala m'kamwa, ledi n'kulowa m'magazi. Mu 2016 Banki ya Dziko Lonse inavomereza ndalama zoyeretsera madera a migodi m'Zambia, ndipo mbali ina ya ntchitoyo inali kupima ana a mu Kabwe ndi kupatsa mankhwala amene apezeka ndi ledi wochuluka. Tsono pamene pali kutenga magazi a mwana ndi kumumwetsa mankhwala amphamvu, pamakhalanso pepala: fomu imene kholo limasaina kapena kudinda chala, kusonyeza kuti lamva ndipo lavomera.

Mafomu otere amalembedwa m'Chizungu, kenako n'kumasuliridwa. Kuno Chibemba ndicho chimamveka kwambiri, ngakhale kuti dziko ndi la Alenje, koma njanji, asilikali ndi malonda zinabweretsa anthu ambiri a kum'mawa ndi a ku Lusaka, kotero pepala la Chinyanja limafunikanso. Fomu imodzi yotere, yochokera kuchipatala china chimene sitichitchula, inafika m'manja mwathu ife amene timawerenga zilengezo za Chinyanja pawailesi ya m'dera. Inali itamasuliridwa kale ndi aphunzitsi ena opuma ntchito, munthu wa Chinyanja chakuya, chija chimakoma kumva pa maliro ndi kutchalitchi. Anasi amene anatibweretsera sanatipemphe kumasuliranso. Anati tiibweze m'Chizungu, kuti adokota amene sadziwa Chinyanja aone ngati pepala limene makolo adzasaina likunena zimene iwo analemba.

Njira imeneyi ya kumasulira kobwerera si yatsopano. Katswiri wina wa ku America, Richard Brislin, anaifotokoza mu 1970 kwa ofufuza amene amafunsa mafunso amodzimodzi kwa anthu a zinenero zosiyana, ndipo kuchokera pamenepo a zaumoyo anaitengera. Maganizo ake ndi apafupi. Munthu woyamba amasulira kuchoka m'Chizungu kupita m'Chinyanja. Wachiwiri, amene sanaonepo Chizungu choyambacho, atenga Chinyanjacho n'kuchibweza m'Chizungu. Wachitatu aika Zizungu ziwirizo pambali ndi pambali n'kuona pamene zasiyana. Pamene zasiyana m'pamene payenera kufufuzidwa, monga mmene munthu amafunira pobooka pa chubu cha njinga pochiviika m'madzi.

Koma ili ndi malamulo ake, ndipo mukawaphwanya mwataya nthawi. Lalikulu ndi lakuti wobweza asaone pepala loyamba, ngakhale mutu wake. Tinasankha mnzathu mmodzi, mayi wobadwira ku Katete amene amawerenga nkhani zamadzulo, ndipo Chizungu cha adokota tinachitsekera m'dirowa ya wina. Lachiwiri ndi lakuti wobweza asakhale munthu wozolowera mafomu a kuchipatala. Nasi amene wawerengera odwala mapepala otere kwa zaka khumi amawadziwa pamtima. Mukamupatsa Chinyanja chosokonekera, iye amazindikira chimene chimafuna kunenedwa, n'kulemba Chizungu chowongoka chimene chili m'mutu mwake, osati chimene chili papepala, ndipo cholakwika chimabisika pansi pa luso lake. Brislin mwini wake anachenjeza za wobweza amene amatha kutulutsa nzeru m'mawu olembedwa moipa. Chizindikiro chake n'chosavuta kuona: ngati m'Chizungu chobwerera mwatuluka mawu akuluakulu a kusukulu ya udokota amene m'Chinyanja mulibe, dziwani kuti wobweza wakumbukira, sanamasulire. N'chifukwa chake mnzathuyo tinamuuza kuti alembe chimene akuona basi. Chiganizo chopunduka achibweze chopunduka, chamatanthauzo awiri alembe onse awiri, ndipo chimene sanamve alembe kuti sanamve.

Tisanamupatse, tinaika nambala pa chiganizo chilichonse, m'Chizungu ndi m'Chinyanja momwe. Zimenezi zimaoneka zazing'ono koma zimagwira msanga mbava yoyamba, imene ndi chiganizo chodumphidwa. Cha Chizungu chinali ndi ziganizo 34, cha Chinyanja 33. Chosowacho chinali chonena kuti kholo lidzapatsidwa pepala lake lopita nalo kunyumba. Diso la womasulira linangolumpha mzere, monga limachitira diso la aliyense akatopa. Kenako tinajambula mizere itatu papepala lalikulu: kumanzere Chizungu choyamba, pakati Chinyanja, kumanja Chizungu chobwerera. Poyerekeza sitinkayang'ana ngati mawu ndi omwewo, chifukwa sangakhale omwewo. Funso pa chiganizo chilichonse linali limodzi: kodi kholo lomva cha kumanjachi lingachite chosiyana ndi chimene likanachita litamva cha kumanzere? Pamene yankho linali ayi tinkadutsa, ngakhale mawu atasiyana motani.

Kusiyana kwakukulu kunali pa chiganizo chofotokoza ntchito ya mankhwala. Adokota analemba kuti mankhwalawo amathandiza kutsitsa kuchuluka kwa ledi m'magazi a mwana. Chinyanja chinati, “Mankhwalawa adzachotsa mtovu m'thupi la mwana wanu kuti achire.” Mnzathu anabweza mokhulupirika, ndipo adokota ataona Chizungu chonena za kuchotsa ndi kuchira, anaika peni pansi. Aphunzitsi aja sananame dala. Kwa ife mankhwala ntchito yake n'kuchiza, ndipo chiganizo chonena za mankhwala chimafuna kuthera pa kuchira monga mmene nyimbo imafunira kuthera pa kolasi. Koma ndi ledi sizili choncho, ndipo kuti muone kukula kwa nkhaniyi muyenera kudziwa mmene mankhwalawa amagwirira ntchito.

Ledi m'magazi amapimidwa m'mamaikulogalamu pa desilita imodzi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse limati akafika pa 5 pafunika kufufuza kumene akuchokera ndi kumuchotsako mwanayo, ndipo mankhwala amaganiziridwa akafika pa 45 kapena kupitirira. Akumwa amene amadziwika kwambiri ndi DMSA, amene amagwira ledi wa m'magazi n'kutuluka naye mumkodzo. Kawirikawiri mwana amamwa masiku 19: katatu patsiku kwa masiku 5, kenako kawiri patsiku kwa masiku 14. Vuto n'lakuti ledi wambiri sakhala m'magazi, amakhala m'mafupa, ndipo mwana akamaliza mankhwala ledi wa m'mafupayo amayamba kubwerera m'magazi pang'onopang'ono. Nambala imene inatsika imakweranso patapita masabata ochepa, makamaka ngati mwanayo wabwerera kukasewera pabwalo lomwe lija. Komanso chimene ledi waononga kale muubongo, mankhwala sachibweza.

Tsono talingalirani mayi amene wasaina pepala lomulonjeza kuti mwana achira. Masiku 19 akatha, iye alibe chifukwa chobwereranso kukapimitsa. Alibe chifukwa chothirira madzi pabwalo kuti fumbi lisauluke, kapena chosambitsa mwana m'manja asanadye, poti matenda anatha. Ndipo tsiku limene adzauzidwa kuti nambala yakweranso, adzati achipatala anamunamiza, n'kukauza amayi anzake onse kumpopi. Kuvomera kwake kunali kuvomera chinthu chimene sichinalipo. Tinakonza chonchi: “Mankhwalawa amachepetsa ledi m'magazi, koma samumaliza yense. Akatha, ledi amatha kuchulukanso, choncho mwana ayenera kubweranso kudzapimidwa.” Chiganizo chimodzi chinakhala ziwiri, ndipo ziwirizo tinazibwezanso m'Chizungu kudzera kwa munthu wina amene sanaone zoyambazo, chifukwa pokonza m'pamenenso zolakwika zatsopano zimalowera.

Kusiyana kwina kunali pa supuni. Chizungu chinati magazi amene atengedwe sakwana supuni yaing'ono ya tiyi imodzi, imene ndi mamililita 5. Chinyanja chinangoti “osakwana supuni imodzi”. Supuni imene mayi amaidziwa kukhichini ndi yodyera phala, yoyandikira mamililita 15, kuchulukitsa katatu, ndipo ena akamva supuni amaganiza chipande. Pa nkhani ya magazi, kuno si kwa masewera. Ambuya athu ankasimba za banyama otenga magazi a anthu m'nthawi ya atsamunda, ndipo masiku ano mphekesera za ausatana zimathamanga kuposa chilengezo chilichonse chimene tingawerenge pawailesi. Mawu atatu okha, “yaing'ono ya tiyi”, anali atagwa, ndipo kumasulira kobwerera kunawatola mosavuta. Zinthu zotere, nambala, miyeso, masiku, mawu okana amene asowa, ndizo njirayi imazigwira bwino koposa.

Si kusiyana konse kumene kumaloza womasulira woyamba. Nthawi zina wolakwa ndi wobweza, ndipo zikatero mumangokonza Chizungu chake, Chinyanja osachikhudza. Nthawi zina vuto limakhala m'pepala la adokota momwemo. Pamalo osaina, Chizungu chinatchula kholo kapena munthu amene lamulo limamudziwa kuti ndiye woyang'anira mwana. Aphunzitsi analemba “kholo kapena womulera mwana”, mnzathu n'kubweza kuti munthu amene akumusunga mwanayo. Zinasiyana, koma Chinyanja sichinali cholakwika: chinanena mmene timakhalira. M'makomboni athu ana ambiri amakhala ndi ambuya awo, azakhali kapena amalume, opanda pepala lililonse la kukhoti, ndipo ndi iwowo amene amabereka mwana kumsana kupita naye kukiliniki. Funso lakuti ambuya angasaine kapena ayi si la womasulira. Tinalibweza kwa eni fomu, ndipo anatenga masiku angapo asanayankhe, kusonyeza kuti nawonso anali asanaliganizire mpaka pansi. Anagamula kuti munthu wamkulu amene amakhala ndi mwanayo angasaine, bola alembe kuti ndi ndani wake wa mwanayo, ndipo anawonjezera mzere wolembapo zimenezo.

Zonsezi zitakonzedwa, mizere ya kumanzere ndi ya kumanja inagwirizana kuyambira pamwamba mpaka pansi. Kwa adokota ntchito inali itatha. Ife tinali ndi chikayiko chimene wailesi inatiphunzitsa. Chilengezo chikhoza kukhala cholondola mawu onse, woulutsa n'kuchiwerenga bwinobwino, koma mawa lake anthu n'kufika pamsonkhano tsiku lolakwika. Pepala limayesedwa ndi khutu la munthu amene linalembedwera. Ndipo makolo ambiri amene adzasaina fomu iyi sadzaiwerenga okha. Adzaimva ikuwerengedwa ndi nasi wotopa, mwana akulira pamiyendo, mzere uli mpaka panja.

Choncho tinapempha amayi asanu ndi abambo awiri olankhula Chinyanja, mmodzimmodzi osati pagulu, kuti atimvere. Pagulu mmodzi akayankha ena amangoti eya. Tinkawerenga ndime imodzi, n'kufunsa. Sitinkafunsa kuti “Mwamva?” chifukwa munthu wolemekeza sanganene kuti sanamve. Tinkati, “Amayi, mukafika kunyumba abambo akakufunsani kuti achipatala akuti chiyani, mukawauza bwanji?” Apa m'pamene panatuluka zinthu zimene mizere yathu itatu sinazione konse.

Choyamba chinali mtovu. Amenewa ndiwo mawu enieni a Chinyanja otchulira chitsulo chimenechi, ali m'Baibulo ndi m'mabuku otanthauzira mawu, ndipo mnzathu wa ku Katete anawabweza m'Chizungu mosaphonya. Kumanzere ledi, kumanja ledi, palibe chofufuza. Koma mwa anthu asanu ndi awiri aja, awiri okha ndiwo anazindikira mawuwo. Mayi wina anafunsa ngati mtovu ndi nyongolotsi. Titati ndi ledi, anaseka n'kuti, “Aa, ledi! Nanga bwanji simunakambe kale?” Munthu wa mu Kabwe, kaya Mbemba, Mlenje kapena Mchewa, amati ledi. Anthu awiri ophunzira, womasulira ndi wobweza, anamvana bwino chifukwa onse amadziwa Chinyanja cha m'mabuku, ndipo kumvana kwawoko n'kumene kunabisa kuti wachitatu, mwini mwana, watsala panjira. Mawu akuti mtovu timawakonda, ndipo pa pulogalamu ya chinenero timawaphunzitsa. Koma fomu yosainira mwana si kalasi. Tinalemba “ledi, amene ena amati mtovu” poyamba pokha, ndipo kwina konse ledi.

Chachiwiri ndicho chinatidetsa nkhawa kwambiri. Fomu inati, “Tidzapima magazi a mwana wanu.” Chizungu chobwerera chinafanana ndi choyamba ngati mapasa. Koma titafunsa bambo wina chimene akauze akazi awo, anatsitsa mawu n'kuti, “Akuti afuna kuona ngati mwana ali nako kachilombo.” Sanali yekha womva choncho. Kwa zaka zoposa makumi awiri mawailesi, kuphatikizapo yathu, akhala akulalikira kuti pitani mukapimitse magazi mudziwe mmene mulili, kufikira mawuwo anasanduka dzina laulemu la kupimitsa HIV. Palibe buku lotanthauzira mawu limene lingakuuzeni zimenezi, ndipo wobweza wokhulupirika sangazilembe, chifukwa papepala mawuwo akungonena za magazi. Zotsatira zake zili mbali ziwiri. Kholo lina lingakane kusaina poopa chinthu chimene fomu sikupempha. Lina lingasaine, kenako likamva kuti zotsatira zili bwino n'kuganiza kuti mwana alibe HIV pamene sanapimidwe n'komwe. Tinafunsa achipatala mwachindunji ngati magaziwo adzapimidwa china. Anati kuwonjezera pa ledi adzaona kuchuluka kwa magazi ndi mmene chiwindi chikugwirira ntchito, chifukwa DMSA nthawi zina amasokoneza zimenezi, koma HIV ayi. Ndiye tinalemba zomwezo: “Magaziwa ndi opimira ledi, kuchuluka kwa magazi ndi chiwindi. Sitidzapima HIV pamagazi amenewa.”

Chachitatu chinali cha mtundu wina, ndipo ndicho chimasonyeza bwino kufooka kwa njirayi. Chiganizo chofunika kwambiri pa fomu iliyonse yovomerezera ndi chimene chimauza munthu kuti angakane popanda kulangidwa. Chinyanja chinati, “Chisankho chanu chosatenga mbali sichidzakhudza chisamaliro chimene mwana wanu amalandira.” Liwu lililonse ndi Lachinyanja, koma mafupa a chiganizocho ndi Achizungu. Chinamangidwa liwu pa liwu, choncho pobwerera chinagwera m'mapazi ake enieni, n'kutuluka Chizungu chokongola kuposa ziganizo zonse. Apa pali msampha: Chinyanja chikatsatira Chizungu ngati mthunzi, m'pamene chimakhoza bwino mayeso a kubwerera, ndipo m'pamenenso chimamveka movuta kwa mwini chinenero. Womasulira akadziwa kuti ntchito yake idzayesedwa motere, amakopeka kumamatira Chizungu kuti asapezeke ndi mlandu. Mwa amene tinawawerengera, palibe anabweza chiganizochi m'mawu ake. Mayi wina anangoti, “Akuti tisankhe bwino.” Titamufunsa chimene chingachitike atakana, anayankha kuti anasi adzamukumbukira nkhope tsiku limene mwana adzadwale malungo.

Mantha amenewo ndi enieni, ndipo chiganizo chija chinalembedwera kuwachotsa, koma sichinafike. Tinachigwetsa chonse n'kumanga china: “Mukhoza kukana. Mukakana, palibe amene adzakukalipirani. Mwana wanu akadwala malungo, chifuwa kapena matenda ena alionse, tidzamuthandiza monga mwa masiku onse.” Tinawonjezera, mogwirizana ndi Chizungu choyamba, kuti amene wavomera lero angasinthe maganizo mawa, koma abwere adzakambe ndi anasi asanaleke kumwetsa mwana mankhwala. Titawerengera anthu ena atatu amene sanamve fomu yoyamba, onse anabweza tanthauzo lake mosavutika, wina mpaka anawonjezera yekha kuti, “Ndiye kuti si zokakamiza.”

Panalinso kanthu kakang'ono ka manambala. Aphunzitsi analemba masiku a mankhwala m'mawu, “khumi ndi asanu ndi anayi”, ndipo wobweza anawerengera bwino n'kupeza 19. Koma pomva ndi khutu, wina anagwira khumi, wina anagwira asanu ndi anayi. Kumsika ndi kukiliniki anthu amawerenga m'Chizungu. Tinalemba 19 m'manambala kuti nasi atchule mmene anthu amatchulira. Pa zovuta zimene mankhwala angabweretse, mawu akuti “mwana angasanze” ena anawamva ngati chenjezo lakuti asamale, ena ngati chinthu chochitikira mwana aliyense. “Ana ena amasanza, amatsegula m'mimba kapena kutuluka tiziphuphu pakhungu, ena ayi” anamveka kamodzi kokha. Tinapemphanso kuti fomu itchule kuti mankhwalawa ali ndi fungo loipa ngati la dzira loola ndipo fungolo limatha kumveka mumkodzo ndi m'kamwa mwa mwana, chifukwa mayi wosauzidwa angaganize kuti wapatsidwa mankhwala oonongeka.

Wina angafunse kuti ngati kuwerengera anthu kumagwira zambiri chonchi, kumasulira kobwerera n'kwa chiyani. Ife sitingakutaye. Amayi aja sakanatiuza kuti chiganizo china chasowa, chifukwa sanadziwe kuti chinalipo. Lonjezo la kuchira analimva bwino lomwe, ndipo akanatibwezera mosalakwitsa, ife n'kukondwa kuti fomu ikumveka, pamene ikumveketsa bodza. Kumasulira kobwerera kumayankha funso la adokota, lakuti kodi zimene ndinalemba zilimo zonse ndipo palibe chowonjezera. Kuwerengera anthu kumayankha funso la mayi, lakuti kodi akundiuza chiyani. Ndi mafunso awiri, ndipo dongosolo lake ndi lomwelo: kubweza poyamba, kukonza, kuwerengera anthu, kukonzanso, kenako kubwezanso ziganizo zonse zimene zasintha. Ntchito yonse ya fomu ya masamba awiri inatitengera masabata awiri, tikugwira madzulo tikatsika pawailesi, ndipo nthawi yambiri inathera podikira mayankho a kuchipatala.

Kubweza komalizako kunabweretsa mkangano wake. Chizungu chimene chinatuluka m'fomu yokonzedwa chinali chachitali kuposa choyamba, cha ziganizo zazifupizifupi ngati za mwana wa giredi 5, chotchula malungo ndi chifuwa pamene adokota analemba liwu limodzi lalikulu lokuta zonse. Munthu woyerekeza mawu okha akanati fomu yaipa kuposa kale. Kuti asatero, pa chiganizo chilichonse chosiyana tinalemba pambali chifukwa chake: chimene chinalipo, chimene anthu anamva, ndi chimene taikapo. Popanda mzere wachinayi umenewu, munthu wa muofesi amene sadziwa chinenero amalamula kuti zonse zibwerere pafupi ndi Chizungu, ntchito yonse n'kufafanizika.

Adokota anawerenga mwakachetechete mpaka anafika pa chiganizo cha HIV. Anafunsa kuti mawu amenewa alowa bwanji m'fomu imene iwo sanatchulemo HIV paliponse, ndipo anali ndi mfundo: pepala limene kholo lasaina liyenera kufanana ndi limene chipatala chimasunga, apo ayi tsiku la mlandu palibe angadziwe chimene chinavomerezedwa. Anasi amene anatibweretsera fomu ndiwo anayankha. Anati funso limenelo amafunsidwa pafupifupi tsiku lililonse akatulutsa jekeseni yotengera magazi, ndipo amene amafunsa ndi olimba mtima okha, ena amangonyamula mwana n'kunena kuti abwera mawa. Adokota sanachotse chiganizocho m'Chinyanja. Anachilemba m'Chizungu chawo, pamodzi ndi cha ledi wochulukanso, cha fungo ndi mzere wa ambuya, n'kutumiza Chizungu chatsopanocho kwa amene anamasulira fomu ya Chibemba kuti nayonso iyambirenso ulendo womwewo.